Pulogalamu yanga yosokonekera pogawa sikirini: zatheka tsopano

Ndinafunsa kuti: “Pulogalamu yanga ya Android ikatsegulidwa pa tabuleti kapena pa theka la sikirini, mabatani amapanikizana ndipo zolembedwa mu fomu zimafufutika. Nditani?”

Vuto linali poyezera. Khodi inkawerenga kukula kwa sikirini yonse kamodzi kokha, poyambira, pomwe pulogalamuyo yapatsidwa theka lokha. Chizindikiro chake n'chakuti ukamakoka mzere wogawa sikirini, batani lakumanja limabisika kunja kwa zenera.

Ndinachotsa kuyezako n'kusiyira Android kuti izisankha yokha maonekedwe oyenera. Fayilo ya foni ili mu `res/layout`, ya zenera lotakata mu `res/layout-w600dp`, dzina limodzimodzi. Foda yachiwiriyi imayang'ana m'lifupi mwa zenera panthawiyo, choncho tabuleti ikagawidwa zenera n'kuchepera 600dp, imabwerera ku maonekedwe a foni. Funso loti “kodi ichi ndi tabuleti?” musamalifunse n'komwe, limasocheretsa.

Za fomu zija, zenera likadutsa malire amenewa `Activity` imaphedwa n'kupangidwanso. Mabokosi ena analibe `android:id`, n'chifukwa chake Android sinkasunga zolembedwamo. Bokosi lililonse ndinalipatsa dzina lakelake, lofanana m'mafayilo onse awiri, zotsalazo ndinaziika mu `ViewModel`.