Loya akuvomera kuti bungwe linalakwitsa, koma akuti khoti mwina silisintha chigamulo. Zikutheka bwanji?

Nachisale: Abale odziwa malamulo, ndithandizeni. Mchimwene wanga ali ku Australia, anakwatira konko, koma anamukaniza viza ya banja. Anakadandaula ku bungwe lounikanso zigamulo, nalonso lakana, ati banja lakelo ndi lachiphamaso. M'chigamulomo alemba kuti ukwati unachitika mu 2022 pomwe unachitika mu 2021. Atchulanso kalata ya munthu wina yonena kuti awiriwa sakhalira limodzi, kalata yomwe mchimwene wanga akuti sanauzidwe n'komwe kuti ilipo. Loya wati za chakazo n'zolakwikadi, koma mwina ndi kulakwitsa kwa mkati mwa mphamvu za bungwelo, pomwe khoti limangolowerera pa kulakwitsa kodumpha mphamvuzo. Kulakwa si kulakwa basi? Tipite kukhoti kapena tingotaya ndalama?

Phiri wa ku Mchinji: Achemwali, ine ndikudziwa kuti kudumpha mphamvu ndi monga majisitireti kuweruza mlandu wakupha womwe ndi wa khoti lalikulu. Ngati bungwelo ndi lomwe limamva nkhani za maviza, ndiye silinadumphe kalikonse. Pepani.

Nabanda wa ku Leeds: Ayi a Phiri, zimenezo n'zakale. Mlandu wa Anisminic wa 1969 unasintha zinthu. Anisminic inali kampani ya ku Britain yomwe inalandidwa katundu ku Egypt nthawi ya mkangano wa Suez mu 1956. Komishoni yogawa chipukuta misozi inaikaniza ndalama pofunsa ngati amene anagula katunduyo anali wa ku Britain, funso lomwe lamulo silinafune pa nkhani yawo. Lamulo linkati chigamulo cha komishoniyo chisatsutsidwe m'khoti lililonse, koma majaji anati chigamulo chotuluka pa funso lolakwika si chigamulo konse. Kuchokera apo kulakwitsa kulikonse pa lamulo khoti limakukonza. Loya wanuyo watsalira.

Jere wa ku Adelaide: Mayi Nabanda, mwanena zoona za ku England, komwe mlandu wa Page wa 1992 unatsindika kuti pafupifupi kulakwitsa kulikonse pa lamulo kumagwetsa chigamulo. Koma Australia sinatsate njira imeneyo. Mu 1995, pa mlandu wa Craig, khoti lalikulu kwambiri la kuno linasunga kusiyanako, ndipo loya wa mchimwene wa a Nachisale akunena zolondola.

Chifukwa chake n'chakuti gawo 474 la lamulo la zolowa ndi kutuluka la 1958 limati zigamulo zambiri za maviza n'zomaliza, sizipita kukhoti. Mu 2003, pa mlandu wa Plaintiff S157, majaji anati gawolo limateteza zigamulo zopangidwa pansi pa lamulolo zokha. Chigamulo chodumpha mphamvu sichinapangidwe pansi pa lamulo, choncho chitetezocho sichichikhudza. Komanso gawo 75(v) la malamulo aakulu a dzikoli limapatsa khotilo mphamvu yoletsa ofesala wa boma kupyola malire ake, ndipo nyumba ya malamulo singaichotse. Ndiye khomo lolowera kukhoti ndi limodzi lokhalo. Kulakwitsa kwa mkati kumatsala kunja ngakhale jaji atakuona ndi maso ake.

Taganizani za oyimbira mpira. Akaona molakwika n'kupereka penate, zigoli zimakhala zomwezo, chifukwa kuweruza zimene waona ndiyo ntchito imene anapatsidwa. Koma akagwiritsa ntchito lamulo lomwe mumpira mulibe, wachita chinthu chomwe sanatumidwe. A Phiri atchula mtundu umodzi wokha, wolowa m'nkhani yosakhala yako. Bungwe likhoza kulowa m'nkhani yake ndithu, n'kudumpha mphamvu pakatikati: kudzifunsa funso lolakwika, kunyalanyaza mfundo yomwe lamulo likuti iganiziridwe, kapena kumana munthu mwayi woyankha zomuneneza.

Pa nkhani yanu, a Nachisale, chaka cholakwikacho pachokha n'chofooka, popeza kuyeza umboni ndi ntchito ya bungwelo. Kalatayo ndiye yolemera. Ngati analidi kuidalira osamuuza zomwe zili m'menemo kuti ayankhe, pamenepo pali poyambira.

Nachisale: Zikomo bambo Jere, mtima wakhalako pansi. Ndiye tikangoonetsa za kalatayo tapambana?

Jere wa ku Adelaide: Pali chipata china. Kulakwitsako kuyenera kukhala kokhudza zotsatira. Onani mlandu wa Hossain wa 2018, nawonso wa viza ya banja. Bamboyo anapempha viza mochedwa, patadutsa masiku 28 omwe lamulo linkalola, ndipo bungwe linalakwitsa lamulo poyeza zifukwa zomukhululukira: linayang'ana mmene zinthu zinalili tsiku lomwe anapempha, m'malo mwa tsiku logamula. Boma lenilenilo linavomera kuti apo panalakwika. Koma bungwelo linapezanso kuti anali ndi ngongole ku boma yomwe sanakonze zobweza, ndipo chimenechi pachokha chinkaletsa vizayo. Khoti linati kulakwitsa koyambako sikunasinthe kanthu, choncho sikunali kudumpha mphamvu. Anagonja.

Mu 2024, pa mlandu wa LPDT, khotilo linanena kuti muyezowu si wokwera: muonetse kuti panali kuthekera kwenikweni kuti chigamulo chikanatuluka china, osati kuti chikanasintha ndithu. Ndiye werengani chigamulocho ndime ndi ndime. Kodi akana pa chifukwa chimodzi chakuti banjalo ndi lachiphamaso, kapena palinso chifukwa china choima pachokha? Ngati ndi chimodzi, ndipo kalatayo ili m'kati mwa maganizo awo, muli pabwino. Funsaninso loya apeze mawu ojambulidwa a tsiku lomva nkhaniyo, chifukwa nthawi zina zomunenezazo amazitchula pakamwa, munthu osazindikira kuti ndiwo mwayi wake woyankha.

Mwale wa ku Zomba: Ine anandilanda chiphaso cha bizinesi osandimva mbali yanga. Zimenezi zikundikhudzanso kunoko?

Nabanda wa ku Leeds: A Mwale, kwathu mumayambira pa gawo 43 la malamulo aakulu a Malawi, lomwe limakupatsani ufulu woti akuluakulu a boma achite nanu motsata lamulo ndi mwachilungamo, komanso akupatseni zifukwa polemba. Musachedwe kuonana ndi loya, nthawi yake ndi yochepa. Bambo Jere, ndavomera za Australia, koma pa chakacho sindikugwirizana nanu. Ngati bungwe linaganiza kuti anakwatirana mu 2022 n'kunena kuti anathamangira ukwati viza yakale itatsala pang'ono kutha, ndiye maganizo onsewo aima pa chinthu chomwe kulibe. Kumeneko n'kulakwitsa kwa mkati?

Jere wa ku Adelaide: Ngati zili choncho, loya akhoza kunena kuti bungwe linanyalanyaza umboni wofunika, monga setifiketi ya ukwati, kapena kuti maganizo ake alibe mutu. Makhoti amavomera zoterezi nthawi zina, koma muyezo wake ndi wovuta, ndipo majaji amasiyana pa malirewo. Ngati chakacho changolembedwa molakwika pa ndime ya mbiri, sichithandiza. Popanda kuona chigamulocho sindingagamule pakati pa ine ndi inu.

A Nachisale, dziwaninso kuti mukapambana, khoti silipereka viza. Limafafaniza chigamulocho n'kubweza nkhaniyo kuti imvedwenso, ndipo akhoza kukananso. Mukagonja, kawirikawiri mumalipira ndalama zomwe boma lawononga pa mlanduwo. Nthawi yokasuma ndi masiku 35 kuchokera pa tsiku la chigamulo. Khoti likhoza kuwonjezera, koma musadalire zimenezo.

Nachisale: Ndamuimbira mchimwene wanga. Akuti chifukwa chokanira n'chimodzi chokha, ndipo kalatayo yatchulidwa pa ndime zomaliza zomwe akufotokoza maganizo awo. Za chaka sakukumbukira ngati zikugwirizana ndi kutha kwa viza yakale, awerenganso usiku uno. Mawu ojambulidwawo loya sanawapemphebe, ndiye mawa m'mawa ayambira pamenepo.