Maimelo 8,400 a mlandu wa kontirakitala, matagi athu sakugwirizana

Kalaliki wa ku Katoto:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Tili ndi mlandu ku khoti lalikulu konkuno ku Mzuzu, ife tikuimira kontirakitala amene anamanga weyahausi, mwini wake akukana kulipira satifiketi yomaliza akuti ntchito inachedwa komanso denga likudontha, kasitomala wathu akuti ayi mwiniyo ndi amene anasintha pulani pakatikati komanso ankachedwa kulipira. Nde atipatsa mafayilo atatu a `.pst`, a bwana mkulu, a injiniya wa pa sayiti ndi a ku akaunti, onse pamodzi maimelo 8,400. Tikuwerenga awiri, aliyense akulemba mu Excel "yofunika" kapena "ayi". Dzulo tayerekeza mashiti tapeza imelo yomweyomweyo ine ndati yofunika mnzanga wati ayi, ndipo si imodzi. Mndandanda wa zikalata zoululira mbali inayo ukufunika pakatha masabata atatu. Tiyambirenso kapena?

Mdala wa Mafayilo:
Ife kale tinkangotenga mafayilo akuluakulu aja, kupirinta zonse, kusanja potengera deti, kumata timapepala tachikasu. Sizinatilakepo. Pirintani basi achimwene.

Kalaliki wa ku Katoto:
Madala, 8,400 kuphatikiza maatachimenti, tona yake alipira ndani kkkk

Wa Makompyuta ku Luwinga:
Musapirinte, sakani ndi mawu. Mu Outlook lembani `roof`, `leak`, `delay`, `payment`, zimene zatuluka ndizo zofunika, zotsalazo zisiyeni. Tsiku limodzi mwamaliza.

Mayi Palaligo:
Achimwene a ku Katoto, musayambirenso kuwerenga kaye, vuto lanu lili pa mawu oti "yofunika". Yofunika kwa ndani, pa nkhani iti? Inu mwina mukuganiza zothandiza kasitomala, mnzanu akuganiza chilichonse chotchula weyahausi, nde mpaka mawa simudzagwirizana.

Tengani zimene mbali ziwirizi zinalemba kukhoti, madandaulo ndi yankho lake, mulembe pa pepala limodzi nkhani zimene akukanganirana. Kwa mmene mwafotokozera ndikuona zinayi: kusintha pulani, kuchedwa kwa ntchito, malipiro, ndi denga. Imelo ikakhudza imodzi mwa zimenezi ndiye kuti yalowa, kaya ikutikomera kaya ikutipweteka. Apa ndikubwereza dala chifukwa anthu ambiri amapunthwa pomwepa: imelo ya injiniya wanu youza bwana wake kuti malata amene afika ndi opyapyala kuposa a mu kontirakiti ndi yokhudza mlandu, ilowa mu mndandanda ngakhale mtima ukuwawa. Kuulula zikalata si kusankha zimene timakonda.

Chachiwiri, kolamu imodzi siingasenze zonse. Ikani yoyamba yoti ikukhudza mlandu, eya, ayi, kapena ndikukayika. Yachiwiri nkhani yake mwa zinayi zija, imelo imodzi itha kukhala ndi ziwiri. Yachitatu ya pulivileji payokha. Yachinayi ya zija zotentha zimene loya akuyenera kuziona lero lomwe. Pulivileji musaisakanize ndi kukhudza mlandu, chifukwa imelo ya kasitomala yopempha uphungu kwa loya imakhudza mlandu ndithu, kungoti mbali inayo siiona. Mukangoilemba "ayi" yasowa, pamene imayenera kudziwika kuti ilipo koma ikusungidwa.

Kenako tengani maimelo 50 omwewo, aliyense aike matagi payekha osaonerana, muyerekeze. Pomwe mwasiyana mukambirane ndi loya wa mlanduwo, chigamulo chake mulembe pa pepala lija. Ndi mmene mumapezera zinthu ngati: kodi maimelo a sapulaya wa simenti alowa? Ine ndingati alowa pokhapo akukamba za kuchedwa kubweretsa katundu, koma anene ndi loya.

Wa Makompyuta ku Luwinga:
Koma mayi zonsezo mukuwerengabe 8,400 yense. Kusaka ndi mawu kukanachepetsa.

Mayi Palaligo:
Kuchepetsa kulipo koma poyambira si pamenepo. Mabokosi ndi atatu a kampani imodzi, imelo imene bwana analembera injiniya n'kukopera a ku akaunti ili katatu. Ndikukhulupirira kusiyana kwina kumene apeza dzulo kukuchokera apa, wina waiona mu bokosi ili wina mu linalo. Chotsani zobwerezazo kaye. Apa ndiye inu a makompyuta mutithandize.

Wa Makompyuta ku Luwinga:
Aaa zimenezo ndiye kwathu. Choyamba ma `.pst` enieniwo koperani, oyambawo muwatsekere penapake, chifukwa Outlook ikangotsegula fayilo imaisintha. Gwirani ntchito pa kope.

Zikalata zoima pazokha, ma PDF, ma Word, zithunzi, ikani mu foda imodzi, mu PowerShell lembani izi:

```
Get-ChildItem -Recurse -File | Get-FileHash -Algorithm SHA256 | Export-Csv ..\hashes.csv -NoTypeInformation
```

Fayilo iliyonse ipeza nambala yake yaitali, ziwiri zikafanana nambala ndiye kuti ndi chinthu chimodzi ngakhale maina asiyane. Mu Excel, ngati nambalazo zili mu kolamu B:

```
=COUNTIF(B$2:B2,B2)>1
```

Pomwe yati `TRUE` ndi yobwereza. Koma pa maimelo njira imeneyi siigwira bwino, kope la wotumiza ndi la wolandira zimasiyana timizere ta kumutu nde nambala imasiyananso. Chodalirika ndi `Message-ID`, koma kuitulutsa pa maimelo masauzande ndi Outlook yokha ndi chintchito. Chapafupi, lumikizani wotumiza, deti ndi nthawi yotumizira, ndi mutu wa imelo mu kolamu imodzi, muyendetse fomula yomweyo. Chenjezo: mukagwiritsa `Export to a file` kupita ku CSV deti silituluka, bola kusankha maimelo onse pa mndandanda wa pa sikirini, kukopera n'kumata mu Excel.

Mayi Palaligo:
Bho. Ndiwonjezere kuti zobwerezazo musafufute, ingobisani mzere, ndipo muike kolamu yolemba mabokosi onse mmene imeloyo inapezeka. Tsiku lina wina adzakana kuti sanailandire, umboni wake ndi umenewo. Posankha kope lotsala, sungani la wotumiza chifukwa `Bcc` imaoneka kwa iye yekha.

Loya wamng'ono:
Pepani kulowerera, ine langa ndi lina koma lofanana. Kasitomala wanga ankakopera loya pa imelo iliyonse, ngakhale yoitanitsa mchenga, akuti zonsezo ndi pulivileji. Ndinangoziika choncho zonse. Palibe vuto eti?

Mayi Palaligo:
Lilipo bwana. Dzina la loya pa `Cc` silisandutsa imelo ya mchenga kukhala yopempha uphungu. Dzinalo ligwiritseni ntchito posaka kuti muunjike zokayikitsa pamalo amodzi, koma iliyonse muiwerenge. Chimodzimodzi mawu aja a `without prejudice` pamwamba pa kalata, ena amangolemba mwachizolowezi, funso ndi loti kodi mkatimo akukambirana zothetsa mkangano kapena ayi.

Izi zandikumbutsa za maatachimenti, a ku Katoto mvetserani apa. Imelo ndi zimene yanyamula ndi banja limodzi, muzipatse nambala yosonyeza zimenezo, imelo 0412, zonyamula zake 0412.1 ndi 0412.2. Imelo ikhoza kungoti "onani izi" basi, inu n'kuilemba ayi, pamene kumbuyo kwake kuli pulani yosinthidwa ija. Pulaniyo payokha siinena kuti anatumiza ndani liti, imelo yopanda kanthu ija ndi imene ikunena, ndipo pa mlandu wa kuchedwa deti ndiye nkhani yonse. Nde chimodzi m'banjamo chikakhudza mlandu, banja lonse lilowe. Pulivileji yokha ndi imene imayendera chikalata chilichonse payekha: kasitomala akatumizira loya invoisi yakale n'kufunsa maganizo, imeloyo itha kusungidwa koma invoisiyo siisanduka chinsinsi.

N'chifukwa chake fomula ya a Luwinga ija musaigwiritse pochotsa atachimenti mkati mwa imelo. Pulani yomweyo yotumizidwa mu Malichi n'kutumizidwanso mu Juni ndi zochitika ziwiri.

Kalaliki wa ku Katoto:
Nanga maimelo oyankhana aja, `RE: RE: RE:` mpaka khumi ndi awiri? Mnzanga akuti tiziwerenga womaliza yekha poti zonse zili mmunsi mwake.

Mayi Palaligo:
Powerenga, yambani ndi womaliza, zimafulumira ndipo tagi imakhala imodzi pa ulusi wonse. Koma munthu akayankha atachimenti imatsalira, nde imelo iliyonse yapakati imene ili ndi chonyamula muitsegule. Komanso ulusi umagawika, wina amayankha imelo yachinayi n'kuchotsa anthu ena, kumeneko ndi kumene kumakhala zonong'onezana. Ndipo ulusi umodzi awerenge munthu mmodzi, musagawane potengera bokosi.

Loya wamng'ono:
Koma mu mndandanda wopita ku mbali inayo mulemba womaliza yekha kapena onse? Ine ndimalemba onse, aliyense ndi chikalata payekha.

Wa Makompyuta ku Luwinga:
Onse bwanji poti mawu ndi omwewo? Mukungotupitsa mndandanda.

Mayi Palaligo:
Ine ndimatsamira kwa bwanawa, koma ndaonapo maloya a mbali ziwiri akugwirizana mwa kalata kuti womaliza akwanira. Asagamule kalaliki zimenezo.

Kalaliki wa ku Katoto:
Ndabweranso. Titachotsa zobwereza atsala 5,100. Pa 50 oyesera aja tinasiyana pa 14, ambiri a masapulaya, loya wagamula, ulendo wachiwiri tasiyana pa atatu okha. Nthawi itatithina, tinawerenga bwinobwino okhawo otuluka ndi mawu a a Luwinga aja komanso onse apakati pa ife ndi mwini weyahausi, enawo tinangoyang'ana mitu. Okhudza mlandu 1,100, a ayi 4,000. Titseke?

Mayi Palaligo:
Musanatseke yesani mulu wa ayi. Ikani `=RAND()` mu kolamu yatsopano, sanjani nayo, tengani 200 apamwamba, musinthane, inu muwerenge a mnzanu. Osasankha ndi maso.

Kalaliki wa ku Katoto:
Tapeza 8 okhudza mlandu mwa 200. Asanu ndi mmodzi ndi a folomani wa pa sayiti, amalemba Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, mutu wopanda kanthu, mmodzi akuti "malata aja akudontha mbali ya kumadzulo" ndi zithunzi zitatu. Awiri enawo ndi madelivale noti ojambulidwa pa foni.

Mayi Palaligo:
8 mwa 200 ndi 4 pa 100 iliyonse, pa 4,000 ndiye kuti mwina 160 akubisala, atha kuchepera kapena kuposa. Simungatseke. Ubwino wake mwaona komwe akuchokera. Maimelo onse a folomaniyo awerengedwe limodzilimodzi ndi munthu womva Chitumbuka, osadalira kusaka. Onjezani mawu: denga, malata, kudontha, mvula, ndalama, kuchedwa, ndipo musake ndi tsinde lake ngati "donth" ndi "chedw" mu Excel chifukwa mawu athu amasintha kutsogolo. Mukatha tenganinso 200 atsopano.

Wa Makompyuta ku Luwinga:
Zithunzi ndi masikani kusaka sikuona mkati mwake pokhapokha adutse mu OCR, pulogalamu yowerenga mawu pa chithunzi, ndipo zolemba pamanja ngakhale OCR imangobwebweta. Sefani maimelo onse okhala ndi `.jpg` kapena PDF ya sikani muwatsegule ndi maso. Komanso mu shiti yanu mukhale mawu a mkati mwa imelo, apo ayi tsinde lija muzingolisaka pa mitu.

Mdala wa Mafayilo:
Folomani amene amatumiza zithunzi pa imelo, pa WhatsApp ndiye anatumiza zingati? Foni yake mwaifunsa?

Kalaliki wa ku Katoto:
Eish madala, ayi. Anasiya ntchito chaka chatha, akuti ali ku Karonga. Ndiwauza bwana mmawa aimbire kasitomala, gulu la WhatsApp la pa sayiti asafufute kanthu.