Nkhuku ya chizindikiro cha halaali chopanda dzina la bungwe: tidye kapena ayi?

Assalamu alaikum abale nonse. Ndagula nkhuku yozizira ya m'paketi, palembedwa kuti halaali, koma palibe dzina la bungwe lotsimikizira ngakhale nambala ya satifiketi. Wogulitsa wangoti iye amangolandira katundu. Ndaimbira foni yomwe ili papaketipo kawiri, osayankha.

Chikundivuta ndi ichi: ndikudziwa kuti wozinga amatchula dzina la Allah, ndi kudula kholingo, kum'mero ndi mitsempha ya magazi ya pakhosi nyama ikadali yamoyo. Koma m'mafakitale ambiri nkhuku amayamba aikomola m'madzi a magetsi, ndipo ikafera momwemo isanazingidwe ndiye kuti ndi yofa yokha, haramu.

Nanga poyang'ana paketi, ndingadziwe bwanji kuti inakomoka chabe? Liwu lakuti halaali palokha likukwanira, kapena ndiibweze?