Ndakhoza mayeso onse a ACCA, koma sindinakhalebe membala: ndatsala ndi chiyani?

Wofunsa: Akuluakulu a m'gulu lino, ndikupempha uphungu wanu. Ndakhoza mayeso onse 13 a bungwe la akauntanti la ACCA ndipo ndinamalizanso phunziro la khalidwe loyenera pa ntchito, koma ndikalowa mu akaunti yanga ya pa intaneti ya myACCA ndikupeza kuti akunditchula kuti "affiliate", osati membala. Ndagwira ntchito yowerengera ndalama kwa miyezi 20 pa kampani ina ku Limbe, ndipo m'mbuyomo ndinagwirako pa bungwe lina kwa masabata 60, maola 20 pa sabata. Vuto langa ndi lakuti abwana anga, ngakhale amaidziwa bwino ntchito, sali membala wa bungwe lililonse la akauntanti. Kodi miyezi yonseyi yapita pachabe? Nanga ufelo, umembala wapamwamba uja wotchedwa FCCA, umabwera liti?

Woyankha woyamba: Achimwene, musadzivutitse. Mwakhoza mayeso, ndiye kuti ndinu asosieti kale. Lembani ACCA kumapeto kwa dzina lanu pa kalata yofunsira ntchito, zinazo zidzatsatira.

Mayi amene ali ndi FCCA: Pepani bambo, uphungu umenewo ungamuike mnzathuyu m'mavuto. Afilieti saloledwa kulemba zilembo zimenezo pa dzina lake kufikira bungwe litamulandira kukhala membala, ndipo olemba ntchito ena amafufuza dzina m'kaundula wa mamembala asanakuitaneni. Chimene chatsala kwa wofunsayu ndi umboni wa ntchito: miyezi 36 ya ntchito yowerengera ndalama, komanso zolinga 9 zimene ayenera kuonetsa kuti anazikwaniritsa, 5 zokakamiza aliyense ndi 4 zosankha malinga ndi ntchito imene amagwira.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Miyezi 20 ya ku Limbe ikuwerengedwa yonse ngati mumagwira maola osachepera 35 pa sabata. Ya ku bungwe kuja imawerengedwa ndi maola, ndipo maola 1,540 ndiwo amatengedwa ngati miyezi 12. Masabata 60 a maola 20 akupereka maola 1,200, amene ndi miyezi 9 ndi masiku owerengeka. Mukaphatikiza muli ndi miyezi 29, kutanthauza kuti mwatsala ndi pafupifupi 7, bola ntchito ya ku bungweko inali ya ndalama ndithu. Ngati theka la tsiku munkalithera pa kulemba makalata ndi kukonza misonkhano, gawo limenelo silikuwerengedwa.

Za abwana anu zisakusowetseni tulo. Iwo angathe kutsimikizira nthawi imene mwagwira ntchito, koma zolinga 9 zija ziyenera kusainidwa ndi akauntanti wovomerezeka, membala wa bungwe limene lili mu IFAC, mgwirizano wa mabungwe a akauntanti a pa dziko lonse, monga ICAM kuno kwathu, amene amaidziwa ntchito yanu. Munthu ameneyo akhoza kukhala wa kunja kwa kampani, mwachitsanzo odita amene amabwera kudzaona mabuku anu. Chimene ndimaona kawirikawiri ndi chakuti anthu amadikira zaka zitatu zithe asanalembe kalikonse mu My Experience, malo olembamo umboni wa ntchito mu myACCA, kenako amalemba zinthu zongoyandama zimene wosaina amazibweza. Lembani zimene manja anu anagwira: mwezi wakutiwakuti munayanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki, munapeza cheke chimene chinalembedwa kawiri, ndipo munachikonza motani.

Woyankha wachitatu: Pa nkhani ya ufelo, konzekerani kudikira. Amafuna umboni wa zaka zitatu pa udindo waukulu wopanga ziganizo za kampani, ndipo muyenera kuchita kufunsira. Ine ndili pa ntchito chaka cha khumi koma sindinaupezebe.

Mayi amene ali ndi FCCA: Zimene mukunenazo ndi za CIMA, bungwe lina la akauntanti, kumene munthu amachoka pa ACMA kupita pa FCMA poonetsa udindo umene wasenza. Ku ACCA ufelo umabwera wokha mukakhala membala zaka 5 zotsatizana, mukulipira ndalama za umembala chaka ndi chaka ndiponso mukukwaniritsa maphunziro opitiriza, amene kwa ambiri ndi mayuniti 40 pa chaka, 21 mwa iwo okhala ndi umboni. Zaka 5 zimenezo zimayambira tsiku limene mwalandiridwa kukhala membala, choncho zaka za uafilieti sizilowamo. N'chifukwa chake kuchedwa kusainitsa kumapweteka kawiri.

Woyankha wachinayi: Ndiye ndikapeza FCCA ndingatsegule ofesi yanga n'kumasaina malipoti a oditi?

Mayi amene ali ndi FCCA: Ayi, imeneyo ndi nkhani ina. Ufelo si chilolezo chotsegulira ofesi. Pamafunika setifiketi yapadera, ndipo kuno ku Malawi muyenera kutsata malamulo a ICAM ndi Malawi Accountants Board.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, mayi. Odita wathu ndilankhula naye Lolemba. Chimene chikundidetsabe nkhawa ndi miyezi 9 ija, chifukwa bungwelo linatsekedwa ndipo amene ankandiyang'anira anasamukira ku Joni. Kalata yondilemba ntchito ndili nayo, koma sindikudziwa ngati adzavomera kutsimikizira ntchito ya zaka zapitazo. Alipo amene anakumanapo ndi zoterezi?