Bokosi la pampu ya sola: Shell yandipangira chipaipi pabowo la waya

Chikondi: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikujambula mu SolidWorks bokosi losungiramo zamagetsi za pampu ya sola, lipite pa pulinta ya pulasitiki ku Kanengo Lachisanu. Ndi la 120 x 80 x 40 mm, khoma lochindikala 3 mm, pamwamba potseguka. Mndandanda wa kumanzere uja uli motere:

```
Boss-Extrude1
Cut-Extrude1
Cut-Extrude2
Shell1
Fillet1
```

Cut-Extrude1 ndi bowo la 20 mm lolowera waya m'mbali, Cut-Extrude2 ndi mabowo anayi a 4.5 mm a mabawuti a M4 ochokera pamwamba mpaka pansi, Fillet1 ndi R8 pamakona anayi akunja. Pabowo la waya patuluka chipaipi chodutsa m'kati mwa bokosi lonse. Komanso Fillet1 ikukana kukwera pamwamba pa Shell1 ndikamaikoka.

Yamikani: Dinani Ctrl+Q achimwene. Mwina fayilo yangosokonekera.

Mayi Gondwe: Fayilo ilibe vuto a Yamikani. Ctrl+Q imangomanganso maficha onse kuyambira pamwamba kutsika, ndiye itulutsa chipaipi chomwecho. A Chikondi, ficha iliyonse imagwira ntchito pa chinthu monga momwe yachipezera, za m'munsi mwake siziziona. Shell1 ikufika bowo lilipo kale pachinthu chosafukulidwa m'kati, ndiye m'kati mwa bowolo ikuona ngati ndi khoma lakunja lofunika kulisiyira 3 mm. N'chifukwa chake mukuona paipi. Yezani ndi Measure, mupeza kunja kwake ndi 26 mm, ndiye kuti 20 kuonjezera 3 mbali zonse ziwiri.

Kokerani Cut-Extrude1 pansi pa Shell1. Mukatero mutsegule Edit Feature muone End Condition. Ngati pali Through All, bowo liboola khoma la kutsogolo ndi la kumbuyo lomwe. Ikani Up To Next kuti lithere pakhoma loyamba. Musalembe Blind 3 mm, chifukwa tsiku lomwe mudzakweze khoma kufika 4 mm padzatsala kachikopa ka 1 mm kotseka bowo, ndipo palibe chenjezo lomwe lidzatuluke.

Chikondi: Ndayeza, ndi 26 ndendende. Ndakoka, paipi yachoka. Nanga za Fillet1?

Bambo Mbewe: Imeneyo isiyeni pomwe ili mphwanga. Ife tinaphunzira kuti Fillet ndi Chamfer zimabwera kumapeto nthawi zonse. Mukaziika msanga zimadya mizere ya m'makona, masikechi a pambuyo pake n'kusowa pogwira.

Mayi Gondwe: Zakudya mizerezo n'zoona bambo, ndipo tizifillet ting'onoting'ono tongochotsa kuthwa, monga R0.5 pamilomo, malo ake ndi kumapetodi. Koma R8 iyi ikukhudza khoma. Tiyeni tiwerengere. Shell1 ikayamba, kona yam'kati imakhala yakuthwa, ndipo kuchokera pakona yam'kati kufika pakona yakunja, mopingasa, pali 3 x 1.414, pafupifupi 4.24 mm. Fillet ya R8 ikabwera pambuyo imasenga kunja kokha, imachotsa 8 x 0.414, pafupifupi 3.31 mm. Chotsala pakona ndi 0.93 mm basi, pamene makoma ena onse ali 3 mm. Kunja bokosi likuoneka bwinobwino, koma pamene pazikathetheka ndi pomwepo, makamaka likamakhala padzuwa kudimba. Kasitomala akati makona akhale R10 patsala pafupifupi 0.1 mm, ndipo mukapitirira pang'ono kona imabooka kapena Fillet imalephera.

Fillet ikakhala pamwamba pa Shell, Shell imatsata kupindikako, m'kati mumatuluka R5 yokha, khoma n'kukhala 3 mm kuzungulira konse. A Chikondi, ikani Section View pa Top Plane muisunthire pakati pa bokosi, muyang'ane kona imodzi pafupi musanasinthe kanthu.

Bambo Mbewe: Masamuwo ndawamva mayi. Komabe ndingathe kusiya Fillet pansi n'kuika ina ya R5 m'kati.

Mayi Gondwe: Zitheka, koma mwakhala ndi manambala awiri ofunika kuwasintha limodzi. Khoma likapita pa 4 mm, yam'kati iyenera kukhala R4, ndipo amene adzatsegule fayiloyo chaka chamawa sadzadziwa zimenezo pokhapokha mutazimanga ndi Equations.

Chikondi: Ndaona pa Section View, pakona m'popyapyala zedi. Koma kukoka kukukanikabe.

Tiyamike: Dinani kumanja pa Fillet1 musankhe Parent/Child. Ndikukayikira kuti Shell1 ili kumbali ya Parents. Mwana sangakwere pamwamba pa kholo lake. Zimachitika ngati posankha mizere munagwirako umodzi wam'kati, womwe unabadwa ndi Shell1. Tsegulani Edit Feature, mizere ikhale inayi yokha yoimirira yakunja, wina uliwonse muuchotse. Ikakanabe musalimbane nayo: ifufuteni, kokerani kamzere kabuluu ka pansi pa mndandanda kafike pansi pa Boss-Extrude1, pangani Fillet yatsopano pamenepo, kenako bwezerani kamzereko pansi.

Chikondi: Inalidi isanu achemwali. Ndachotsa umodzi, yakwera mpaka pansi pa Boss-Extrude1. Koma tsopano pa sikechi ya Cut-Extrude2 pabwera chizindikiro chachikasu, ndipo miyezo iwiri yasintha mtundu, yakhala ngati yakhaki.

Bambo Mbewe: Ndi zomwe ndimanena zija.

Tiyamike: Eya, apa bambo anena zoona. Miyezoyo munaikoka kuchokera pakona, ndipo konayo tsopano yadyedwa ndi Fillet sikechiyo isanafike. What's Wrong ikuuzani kuti ndi dangling. Choopsa chake n'chakuti mabowo amangokhala pomwe anali, mukasintha 120 kukhala 140 iwo satsatira. Musaigwiritsenso pamzere wina wa chinthucho. Ngati Sketch1 munaijambula ndi Center Rectangle pa Origin, fufutani miyezo yakhakiyo, yezani kuchokera pa Right Plane ndi Front Plane, miyezo yatsopanoyo muimange ku 120 ndi 80 ndi Equations kuti mabowo azitsatira makona, kapena muyeze bowo limodzi lokha mwanjira yomweyo, ena abwere ndi Mirror. Mapuleni atatu aja ndi Origin palibe ficha yomwe ingawadye.

Yamikani: Bwanji osangopinda lata? Ife kuno ku Biwi mabokosi oterewa timapinda ya 1.2 mm, palibe za Shell.

Chikondi: Kasitomala akufuna pulasitiki achimwene, akuopa dzimbiri pafupi ndi madzi. Funso lina: Cut-Extrude2 nayonso nditsitse pansi pa Shell1? Ndaona kuti mabowo a mabawuti ali ndi timapaipi tawo.

Tiyamike: Ine ndingaisiye pamwamba dala. Timapaipito ndi 10.5 mm kunja, tikuchokera pansi mpaka pamlomo, bawuti idutsa m'kati mwake osakhudza zamagetsi, ndipo chivundikiro chipeza pokhala. Ficha imodzi yagwira ntchito ziwiri. Ingoisinthani dzina ndi F2, ena asadzaitsitse poganiza kuti ili pamalo olakwika.

Mayi Gondwe: Apo ine ndisiyana nanu pang'ono. Kuchindikala kwa timapaipito kwamangika ku Shell1, ndiye mukatsitsa khoma kufika 2 mm kuti pulasitiki achepe, nato titsika kufika 8.5 mm osakufunsani, pomwe bawuti ikupana pomwepo. Yang'ananinso mtunda wake ndi khoma. Bowo likakhala 10 mm kuchokera kunja, pakati pa paipi ndi khoma lam'kati patsala 10 kuchotsa 5.25 kuchotsa 3, ndiye 1.75 mm, kampata kosathandiza kanthu, paipi itaima yokha kutalika konseko. Ine ndimapanga Boss-Extrude yakeyake pansi pa Shell1, ndiilumikize kukhoma ndi Rib, kenako ndiboole ndi Hole Wizard. Maficha achuluka, koma iliyonse ili ndi nambala yake.

Tiyamike: Mukasunthira bowo pa 8 mm, paipi ilowa m'khoma ndi 0.25 mm, zigwirana zokha.

Mayi Gondwe: Yesani kaye, Shell nthawi zina imakana makoma akangokhudzana pang'ono choncho. A Chikondi, njira iliyonse yomwe musankhe, musanatulutse STL sinthani 120 akhale 140, 40 akhale 55, Shell1 ikhale 4 mm, mudine Ctrl+B pakusintha kulikonse. Pasakhale chachikasu kapena chofiira, mabowo atsatire makona, ndipo bowo la waya likhalebe loboola khoma limodzi. Kenako mubwezere manambala anu.

Chikondi: Panopa zili motere: Boss-Extrude1, Fillet1, Cut-Extrude2, Shell1, Cut-Extrude1. Pa 140 ndi 55 zadutsa. Ndichita Save As ndiyese njira ya Rib pafayilo ina usiku uno. Mayi, Rib ichindikale bwanji pakhoma la 3 mm?

Mayi Gondwe: Pa pulinta 2 mm ikwana. Mukadzaganiza zopita nalo ku chikombole mundiuze, chifukwa pamenepo pafunika Draft, ndipo iyo ilowa pakati pa Boss-Extrude1 ndi Fillet1.