Chonde ndithandizeni pa masamu a ngongole awa

Abale ndili ku Salima kuno, ndimapikula usipa ku Senga Bay nkumagulitsa pa Kamuzu Road, ndiye ndikufuna ngongole ya K300,000 yobweza miyezi 3 kuti mpamba ukwereko. Ofesi ziwiri zandiuza zofanana, 5 peresenti pamwezi, koma ena akuti chiongoladzanja chawo ndi fulati ena akuti chimatsika malinga ndi ndalama yotsala.

Usiku ndinakhala ndi kope la mwana nkumawerengera. Ya fulatiyo amawerengera pa K300,000 yonse ngakhale wabwezako kale, K15,000 mwezi uliwonse, yonse K45,000. Inayo ndikamabweza K100,000 pamwezi, mwezi woyamba K15,000, wachiwiri yatsala K200,000 ndiye K10,000, wachitatu K5,000, yonse K30,000 basi. Kusiyana K15,000, imeneyotu ndi thiransipoti yamaulendo angapo kunyanja ndipo yandipweteka mtima.

Ndiye ndawerenga bwino kapena pali pomwe ndaphonya? Chikundisokoneza nchoti a yotsikawo akuti ndizipereka ndalama yofanana mwezi uliwonse, cha m'ma K110,160, ndikaphatikiza chiongoladzanja chikubwera pafupifupi K30,500 osati K30,000, K500 yapamwambayo ikuchokera kuti? Komanso amene munatengako ya fulati, mutabweza msanga mwezi wachiwiri anakuchotserani K15,000 yomalizayo kapena munalipirabe yonse? Ndikufuna ndidziwe ndisanasayine Lolemba.