Ndikupempha nzeru: khungu la kumutu la mayi anga likupweteka tsitsi likamathothoka

Moni nonse abale ndi alongo. Ndikulemba kuchokera ku Kapiri, m'boma la Mchinji, pa nkhani ya mayi anga amene akulandira mankhwala a khansa ya m'mawere kudzera mu dilipi pakapita masabata atatu aliwonse ku Lilongwe.

Patatha masabata awiri chilandirireni dilipi yoyamba, tsitsi linayamba kuthothoka, ndipo m'mawa uliwonse ndinkalipeza litaunjikana papilo. Anamwino anali atatiuza kale kuti zimenezi zidzachitika ndiponso kuti limameranso mankhwala akatha, nthawi zina lofewa kapena lamtundu wina. Chimene chikundisautsa ndi khungu: likuyabwa, likuwotcha, moti ngakhale kugoneka mutu pansi akubuula.

Tinawameta ndi sizasi, osati lumo, poopa bala pamene thupi lawo silikulimbana bwino ndi tizilombo. Tinasiya mankhwala owongola tsitsi, ndipo timawasambitsa kumutu ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wa ana. Tinawagulira wigi, koma kutentha kwa mwezi wa Okutobala kunawatulutsa thukuta ndi timatuza. Duku la chitenje chatsopano nalonso linawakanda, mwina chifukwa silinachapidwe n'kufewa. Kutchalitchi asiya kupita, ndipo zimenezi zikundiwawa kwambiri.

Inu amene munadutsamo, kodi munkadzola chiyani chosanunkhira chimene madokotala anakulolani? Nanga ndi nsalu yanji yofewa, yosatentha, imene ingapezeke ku Mchinji boma kapena ku Lilongwe? Ndipo timatuza timeneti tidikire tsiku la dilipi yachitatu, kapena tipite nawo kuchipatala chapafupi msanga?